Mizere Yakuda pa Katundu: Phunziro kwa Osunga Sitolo ya Parishi

Maparishi angapo ali ndi kasitolo pafupi ndi khomo la tchalitchi, mmene mumagulitsidwa makorona, makandulo, mitanda, mabuku a nyimbo ndi makatekisimu. Kale wogulitsa ankalemba zonse m'kope ndi pensulo. Lero ena agula kompyuta ndi kachipangizo kowala kamene kamawerenga mizere yakuda ya pa katundu, ndipo pogulitsa chinthu, makinawo amalemba malonda ndi kuchotsa chinthucho pa chiwerengero cha zotsala nthawi yomweyo. Mizereyo dzina lake ndi bakhodi, ndipo kachipangizoko ndi sikana.

Ndalemba phunziro lino chifukwa pa parishi ina imene ndinatumikirapo, mayi wina wokhulupirika anatsala pang'ono kutchedwa mbala chifukwa cha makina amenewa. Iye sanabe. Makinawonso sananame. Cholakwa chinali chathu, ife amene tinawaika osamvetsa chimene amawerenga. Tsono tiyeni tiyambe ndi funso loyamba.

Kodi m'mizeremo mwalembedwa chiyani?

Anthu ambiri amayesa kuti m'mizeremo muli dzina la katundu ndi mtengo wake. Iyayi. Muli nambala yokha basi, ndipo ndi nambala yomweyo imene yasindikizidwa pansi pa mizereyo kuti maso athu aione. Mizere yakuda ndi mipata yoyera, ina yonenepa ina yowonda, ndiyo njira yolembera nambalayo kuti makina aiwerenge. Sikana imawalitsa kuwala pa mizereyo. Pakuda pamameza kuwalako, poyera pamakubweza, ndipo kuchokera pa kusiyana kumeneku sikana imazindikira manambala.

Nzeru imeneyi inachokera ku Amereka. Norman Joseph Woodland ndi Bernard Silver anapatsidwa chikalata cha umwini wa luso limeneli m'chaka cha 1952, koma panapita zaka zambiri lisanafike m'masitolo. Pa 26 Juni 1974, m'sitolo ina ya mu mzinda wa Troy, m'chigawo cha Ohio, paketi ya chingamu inagulitsidwa mwa kuwerenga bakhodi, ndipo anthu amakumbukira tsikulo ngati chiyambi cha njira imeneyi m'malonda. Lero katundu wambiri amene timagula ali ndi bakhodi ya manambala 13, yotchedwa EAN-13, ndipo bungwe la GS1 ndilo limagawa manambalawo kwa opanga katundu kuti awiri asafanane. Mabukunso ali ndi nambala yawo yotchedwa ISBN, imene kuyambira m'chaka cha 2007 ili ndi manambala 13 oyamba ndi 978 kapena 979. Motero buku losindikizidwa ndi bakhodi pachikuto lingathe kuwerengedwa monga katundu wina aliyense.

Sikana imene masitolo aang'ono amagula imalumikizidwa ku kompyuta ndi chingwe cha USB, ndipo kompyuta imaitenga ngati munthu wotaipa mofulumira. Mungadzionere nokha. Tsegulani Notepad, lozani sikana pa bakhodi ya sopo, ndipo mudzaona manambala 13 atalembeka pagalasi, kenaka mzere utadumphira pansi monga ngati wina wadina Enter. Ntchito yonse ya sikana yathera pamenepo. Ikalira kuti «pii», ikungonena kuti yawerenga nambala. Sikunena kuti malonda alembedwa.

Nanga dzina ndi mtengo zimachokera kuti?

Zimachokera m'ndandanda umene munthu analemba m'kompyuta. Taganizirani kaundula wa ubatizo. Munthu akabwera ndi khadi lake, ife timaona nambala ya pa khadilo, kenaka timatsegula buku lalikulu ndi kupeza dzina lake, makolo ake ndi tsiku la ubatizo. Ngati mlembi analemba dzina lolakwika pa nambala imeneyo, khadi silingatiuze. Chimodzimodzinso m'sitolo: chinthu chilichonse chili ndi mzere wake m'ndandanda, ndipo pa mzerepo pali zinthu zinayi, ndizo nambala ya bakhodi, dzina, mtengo, ndi chiwerengero cha zotsala.

Wogulitsa akawerenga bakhodi, pulogalamu imafunafuna nambalayo m'ndandanda, imaonetsa dzina ndi mtengo pagalasi, ndipo wogula akalipira, imachita ntchito ziwiri: imalemba malondawo, ndiponso imachotsa chimodzi pa zotsala. Apa mverani bwino. Makina sadziwa chimene chaperekedwa m'manja mwa wogula. Amachotsa chimodzi cha chinthu chimene nambalayo ikuimira. Lamulo lalikulu la ntchito yonseyi likuchokera pamenepa: nambala imodzi iimire chinthu chimodzi, cha muyeso umodzi, cha mtengo umodzi.

Mlandu wa makandulo a Pasaka

Tsopano ndikuuzeni za mayi uja. Sitolo yathu inkagulitsa makandulo a m'mapaketi, paketi iliyonse makandulo 6, mtengo wake K3,000, ndipo bakhodi inali pa paketi. Loweruka Loyera m'mawa, ine ndi msungichuma tinawerenga mapaketi 40, ndipo kompyuta inanenanso 40. Madzulo, anthu akusonkhana ku mwambo wa kuwala, ambiri sanafune paketi yathunthu koma kandulo imodzi yokha. Mayiyo anachita chimene wogulitsa aliyense wanzeru akanachita: anatsegula mapaketi nayamba kugulitsa kandulo imodzi pa K600, monga tinkachitira m'masiku a kope ndi pensulo. Koma ife tinali titamulamula kuti chilichonse chotuluka m'sitolo chidutse pa sikana. Popeza kandulo ilibe bakhodi, iye anasunga pepala la paketi pambali pake, ndipo pogulitsa kandulo imodzi ankawerenga bakhodi ya paketiyo. Anthu anali ambiri, mitengo ankaidziwa pamtima, ndipo pagalasi sanali kuyang'anapo.

Lolemba la Pasaka komiti inakhala pansi. Kompyuta inati pagulitsidwa mapaketi 28, ndiye kuti m'bokosi muyenera kukhala K84,000. M'bokosimo munali K40,800. Ndalama zoperewera zinali K43,200. Nkhope zinagwa, ndipo mmodzi wa akomiti ananena mawu amene pambuyo pake anapepesa. Mayiyo anangolira, nati sanatengepo ngakhale tambala.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tisanaweruze, tinapita kukawerenga katundu pa shelefu. Kompyuta inati patsala mapaketi 12. Ife tinapeza 27. Mbala imachepetsa katundu, siichulukitsa; tsono mapaketi 15 oonjezerawo anachokera kuti? Pamenepo mayi uja anafotokoza za makandulo ogulitsa imodzi imodzi, ndipo tinatenga pensulo. Mapaketi athunthu anagulitsa 10, ndalama zake K30,000. Makandulo apadera anagulitsa 18, ndalama zake K10,800. Kuphatikiza, K40,800, ndendende zimene zinali m'bokosi. Makandulo 18 ndiwo mapaketi atatu okha, choncho pa shelefu panachoka mapaketi 13 n'kutsala 27. Koma makina anawerenga bakhodi ya paketi ka 28, ndipo nthawi iliyonse anachotsa paketi yathunthu nalemba K3,000.

Titaonkhetsanso, tinapeza china chotichititsa manyazi. Mapaketi 15 amene makina anati agulidwa anali akadali athu, mtengo wake K45,000, woposa ndalama zimene zinaoneka ngati zasowa ndi K1,800. Imeneyi inali phindu la K100 pa kandulo iliyonse mwa 18 zija, pakuti m'paketi kandulo imagwera pa K500. Munthu amene tinafuna kumutcha mbala anali atapindulitsa parishi.

Kupereka nambala kwa chinthu chopanda bakhodi

Mankhwala ake anali kupatsa kandulo imodzi nambala yakeyake. Zinthu zambiri za m'sitolo ya tchalitchi zilibe bakhodi: makorona olukidwa ndi amayi a m'mphakati, mitanda yosemedwa, nsalu za mabungwe, timabuku tosindikizidwa pa parishi. Sitiyenera kubwereka nambala ya chinthu china, kapena kupeka nambala imene mawa ingadzafanane ndi ya botolo la mafuta. Bungwe la GS1 linapatula manambala oyamba ndi 20 mpaka 29 kuti azigwira ntchito m'kati mwa sitolo mokha, ndipo sapatsidwa kwa wopanga katundu aliyense. Ife tinayamba ndi 20, ndipo kandulo imodzi tinaipatsa manambala 12 awa: 200000000125.

Nambala yotsiriza, ya 13, siisankhidwa ndi munthu. Imatuluka m'masamu, ndipo ntchito yake ndi kulonda zinzake. Mapulogalamu ambiri amaiwerengera okha, koma ndi bwino kudziwa njira yake. Phatikizani manambala a pa malo oyamba, achitatu, achisanu, mpaka pa malo a 11: apa ndi 2 ndi 2, zonse 4. Phatikizaninso a pa malo achiwiri, achinayi, mpaka pa malo a 12: apa ndi 1 ndi 5, zonse 6, ndipo chulukitsani katatu, mupeza 18. Tsono 4 ndi 18 ndi 22. Kuti 22 afike pa khumi lotsatira, ndiye 30, pafunika 8. Nambala yathunthu ya kandulo yathu ndi 2000000001258.

Phindu la mlonda ameneyu limaoneka pamene bakhodi yafufutika ndipo wogulitsa akutaipa ndi zala. Akalemba 135 m'malo mwa 125, masamu amatulutsa 23, ndipo nambala yotsiriza iyenera kukhala 7 osati 8. Pulogalamu yoyesa masamuwa imakana nthawi yomweyo. Komatu mlondayu amangogwira nambala yolembedwa molakwika. Nambala yabwino imene yamatidwa pa chinthu cholakwika imadutsa popanda chovuta, monga inadutsira ya paketi pa usiku wa Pasaka.

Kumata pepala pa kandulo iliyonse kukanakhala kutaya nthawi. Tinasindikiza bakhodiyo pa khadi limodzi, tinalemba pamwamba pake ndi zilembo zazikulu kuti KANDULO IMODZI, ndipo tinalimangirira pa thebulo. Tinaikanso lamulo lakuti paketi ikatsegulidwa, ilembedwe nthawi yomweyo: mapaketi achepe ndi imodzi, makandulo apadera achuluke ndi 6. Mapulogalamu ena amalola kuwerengera zonse m'makandulo, mwakuti bakhodi ya paketi imachotsa 6 ndipo ya khadi imachotsa imodzi. Njira zonse ziwiri n'zabwino, malinga musankhe imodzi ndi kukhala nayo.

Posindikiza, gwiritsani inki yakuda pa pepala loyera, ndipo siyani mpata wopanda kanthu kumanzere ndi kumanja kwa mizere, pakuti sikana imafuna mpatawo kuti idziwe poyambira ndi pothera. Mizere yofiira sikana ya kuwala kofiira siiona bwino. Mapepala omata amene amasindikizidwa ndi kutentha amafufutika akakhala padzuwa, choncho musaike katundu wotere pawindo. Ndipo ngati mukulemba ndandanda wanu mu Excel, konzani malo a bakhodi akhale Text musanataipe. Mukapanda kutero, nambala yathu ija idzaoneka ngati 2E+12, ndipo nambala yoyamba ndi 0 idzataya 0 wakeyo.

Ntchito ziwiri zikhale imodzi

Ndanena kuti pogulitsa, pulogalamu imalemba malonda ndi kuchotsa pa zotsala. Kodi chingachitike n'chiyani magetsi akazima pakati pa ziwirizi? Malonda angalembedwe koma zotsala osachepa, ndipo kuyambira tsiku limenelo mabuku sadzagwirizananso. Kwathu kuno, kumene magetsi amazima osatsanzika, funso limeneli si lamasewera. Pulogalamu yopangidwa bwino imamanga ntchito ziwirizi mtolo umodzi, kuti zichitike zonse kapena isachitike ndi imodzi yomwe. Achinyamata athu ophunzira za makompyuta, amene nthawi zina amapangira parishi mapulogalamu otere, amalemba motere:

```
BEGIN;
INSERT INTO malonda (nambala, zingati) VALUES ('2000000001258', 2);
UPDATE katundu SET zotsala = zotsala - 2 WHERE nambala = '2000000001258';
COMMIT;
```

Mzere wachiwiri ukulemba kuti makandulo awiri agulidwa, wachitatu ukuwachotsa pa zotsala, ndipo palibe chimene chimakhazikika kufikira makina atafika pa COMMIT. Inu a komiti simuyenera kudziwa kulemba zimenezi, koma muyenera kufunsa wokugulitsani pulogalamu kuti: «Magetsi akazima pakati pa malonda, chimatsala m'buku n'chiyani?» Magetsi akabwerera, wogulitsa ayang'ane malonda otsiriza pagalasi asanawerengenso katundu yemweyo, kuopa kulemba kawiri. Ndipo kope ndi pensulo zikhalebe mu dirowa, kuti zogulitsidwa mu mdima zilembedwe ndi kulowetsedwa m'kompyuta tsiku lomwelo.

Kuwerenga zizindikiro pa shelefu

Makina amadziwa zokhazo zimene zadutsa pa sikana kapena zimene munthu wataipa. Chifukwa chake kuwerenga katundu ndi manja sikutha. Sikofunika kuwerenga sitolo yonse sabata iliyonse. Sankhani zinthu zisanu zoyenda msanga, muziwerenge Lamulungu Misa yotsiriza itatha, anthu awiri pamodzi, ndipo muyerekeze ndi zimene kompyuta ikunena. Sitolo yonse muiwerenge pakutha pa mwezi. Kusiyana kukapezeka, kumalankhula, ndipo tiyenera kuphunzira chilankhulo chake.

Pa shelefu pakakhala zambiri kuposa za m'kompyuta, kawirikawiri katundu watsopano anafika osalembedwa, kapena chinthu chinawerengedwa kawiri, kapena paketi inasokonezedwa ndi chinthu chimodzi. Kompyuta ikanena kuti zotsala zili pansi pa ziro, monga -4, dziwani kuti mwagulitsa zimene simunazilembe polandira. Funani lisiti ya katundu wofika.

Chinthu chimodzi chikachuluka ndi zitatu ndipo mnzake wofanana nacho n'kuperewera ndi zitatu, monga makorona oyera ndi akuda, palibe chasowa. Mapepala anamatidwa mosinthanitsa, kapena wogulitsa anawerenga korona imodzi kawiri m'malo mowerenga iliyonse payokha.

Pa shelefu pakakhala zochepa kuposa za m'kompyuta, ndiye kuti china chinatuluka osadutsa pa sikana. Apa mtima umathamangira kunena za kuba, ndipo kuba kulipodi. Koma yambani mwafunsa ife ansembe. Kangati Bambo Mfumu atuma mtumiki wa pa guwa kuti akatenge makandulo awiri m'sitolo Misa itatsala pang'ono kuyamba? Kangati katekisimu waperekedwa kwa mwana wosauka, kapena buku la nyimbo latengedwa ndi wa kwaya amene adzalipira pakutha pa mwezi? Zonsezi si zoipa, koma makina sazidziwa. Ine ndinapezeka wolakwa pa zimenezi koposa wina aliyense pa parishi ija. Tsono chotengedwa kupita ku guwa, chopatsidwa mwaulere, chosweka, ndi chobwezedwa ndi wogula, chilichonse chidutse pa sikana ndi chifukwa chake, pamodzi ndi dzina la amene walola. Ngati pulogalamu yanu ilibe malo olembapo zotere, ndi yoperewera, ngakhale ikhale yokongola pagalasi.

Pomaliza, wogulitsa aliyense akhale ndi dzina lake ndi mawu ake achinsinsi olowera m'pulogalamu, ndipo mphamvu yosintha mitengo kapena chiwerengero cha zotsala ikhale ndi munthu mmodzi kapena awiri okha. Zimenezi sizitanthauza kukayikira munthu. Zimateteza wosalakwa pa tsiku la mlandu.

Katundu wa Mpingo ndi mbiri ya mnzathu

Ndalama za m'kasitolo kameneka n'zochepa, koma n'za Mpingo, ndipo zimachokera m'manja mwa anthu amene agulitsa nkhuku kuti mwana wawo akhale ndi korona pa tsiku la Ukaristia woyamba. Lamulo lachisanu ndi chiwiri litikakamiza kuzisunga bwino. Koma lachisanu ndi chitatu litikakamizanso kusunga mbiri ya mnzathu, ndipo nambala ya pagalasi payokha si mboni yokwanira kuweruza nayo munthu. Mboni zikhale zitatu: kompyuta, bokosi la ndalama, ndi shelefu. Zikasiyana, tengani pensulo, itanani wogulitsayo afotokoze mmene anagwirira ntchito, ndipo musatchule mawu akuti mbala masamu asanathe. Mayi uja anapitiriza kugulitsa m'sitolo yathu, ndipo Lamulungu lotsatira komiti inamupepesa pamaso pa onse amene anamva mlanduwo.

Mafunso okambirana pa msonkhano wa aphunzitsi ndi makomiti

1. Kodi bakhodi imasunga chiyani, ndipo mtengo umachokera kuti?
2. Korona yakuda yapatsidwa manambala 200000000126. Pezani nambala yotsiriza, ya 13.
3. Kompyuta ikuti mabuku a nyimbo atsala 20, koma pa shelefu pali 16, ndipo ndalama za m'bokosi zikugwirizana ndi malonda olembedwa. Tchulani zinthu zitatu zoyenera kufufuza musanaganizire munthu.
4. M'sitolo ya parishi yanu, ndi zinthu ziti zimene zimagulitsidwa m'miyeso iwiri, ndipo kodi muyeso uliwonse uli ndi nambala yake?

Yankho la funso lachiwiri ndi 5. Amene wapeza china abwerezenso masamu ake, kuyambira pa malo oyamba kumanzere.